KODI MLANDU WA MALO UMAOLA?

Za munthu wokhalitsa pa malo a mwini, ndi zaka 12 zimene lamulo limawerenga

Wolemba Mtolankhani Wathu

M'mwezi wa Febuluwale chaka cha 2025, bwalo lalikulu koposa la milandu ku Britain linagamula mkangano wa anthu oyandikana malo m'tauni ya Consett, kumpoto kwa Mangalande. Chimene ankalimbirana chinali kachigawo ka malo ka m'malire, kamene banja lina linali nako mkati mwa mpanda wake kuyambira chaka cha 2004 poganiza kuti n'kawo, pamene kaundula wa boma ankaonetsa kuti n'ka mnzawo. Oweruza onse anamvana chimodzi, ndipo kamalo kaja kanatsala m'manja mwa banja limene linali litakhalapo, osati mwa munthu amene dzina lake linali m'buku.

Ena mwa awerengi athu adzafunsa kuti mkangano wa mpanda wa ku Ulaya ukutikhudza bwanji ife kuno. Ukutikhudza pakuti lamulo limene oweruzawo ankamasulira lili ndi mbale wake m'mabuku a malamulo a Malawi. Ndiponso anthu amene lamulo lotere limawagwera kawirikawiri ndi anthu onga aphunzitsi ndi akalaliki a Boma, amene amagula puloti ku Lilongwe, chaka chamawa n'kutumizidwa ku Karonga kapena ku Nsanje, osabwererako kufikira atapuma pa ntchito.

Makolo athu anati mlandu suola. Pa bwalo la mfumu mdzukulu angathe kudzutsa nkhani ya munda umene agogo ake anabwereketsa, ndipo anthu adzakhala pansi kuimva. Koma lamulo lolembedwa la malo a mapepala silitsata mwambi umenewu. Ilo limati mlandu wa malo umaola, ndipo limatchula chaka chimene umaolera.

Chimene lamulo limanena

Ku Mangalande lamuloli n'lakale ndithu. M'chaka cha 1623 nyumba ya malamulo inaika zaka 20 kukhala malire a nthawi imene mwini angabwererenso pa malo ake amene munthu wina walowapo. Lamulo la 1874 linachepetsa zakazo kufika pa 12, ndipo lamulo la 1980 linasunga chiwerengero chomwecho. Mwini akalekerera zaka 12 osasuma, khomo la bwalo limatsekeka, ndipo umwini wake umafa pamodzi ndi mlanduwo.

Tiyenera kumvetsa bwino kumene lamuloli layang'ana. Silinapangidwe kuti lipereke mphotho kwa wolowerera malo a eni. Maso ake ali pa mwini amene wagona. Zifukwa zimene akatswiri a malamulo amapereka n'zitatu. Choyamba, mboni zimafa ndipo makalata amatayika, kotero kuti mlandu wa zaka 40 zapitazo sungaweruzidwe mwachilungamo. Chachiwiri, munthu amene wakhala pa malo nthawi yaitali popanda womufunsa amamanga moyo wake pamenepo, ndipo ena amagula kwa iye kapena kumukongoza ndalama pokhulupirira zimene akuona. Chachitatu, nthaka siyenera kukhala yomangika mpaka muyaya chifukwa cha mwini wosadziwika kumene ali.

Kuti zakazo ziyambe kuwerengedwa, wolowererayo ayenera kuonetsa zinthu ziwiri. Ayenera kukhala atagwira malowo m'manja mwake monga momwe mwini amachitira, ndiye kuti kutchinga, kulima, kusamala ndi kuletsa ena kulowapo. Ayeneranso kukhala ndi mtima wofuna kuwagwira yekha, kwa iye mwini, wosalola wina aliyense, ngakhale mwini wake wa m'buku. Pamwamba pa ziwirizi pali chinthu chimodzi chimene chimagwetsa milandu yambiri: kukhalako kuyenera kukhala kopanda chilolezo. Munthu amene akukhala pa malo chifukwa mwini anamuloleza, kaya ndi wa lendi, kaya ndi mlonda, kaya ndi mphwake, sawerengeredwa ngakhale tsiku limodzi pa nthawi yonse imene chilolezocho chilipo.

Mlandu wa kampani ya Pye ndi banja la a Graham

Mlandu umene unaonetsa poyera mphamvu yonse ya lamuloli ndi wa kampani yomanga nyumba ya J. A. Pye ndi banja la alimi la a Graham. Tiufotokoza mwatsatanetsatane, pakuti muli phunziro pa sitepe iliyonse.

Kampaniyo inali ndi minda inayi ya msipu, mahekitala ngati 25 pamodzi, pa malo otchedwa Henwick m'boma la Berkshire. Dzina lake linali lolembedwa bwino lomwe m'kaundula wa boma. Sinkafuna kulimapo. Inkangodikira tsiku limene akuluakulu oona za mapulani a matauni adzalole kuti pamangidwe nyumba, popeza pamenepo mtengo wa malowo ukanakwera kwambiri. M'chaka cha 1982 a Graham anagula famu yoyandikana ndi mindayo, ndipo pa 1 Febuluwale 1983 anapangana ndi kampaniyo kuti azidyetsapo ng'ombe kufikira pa 31 Disembala chaka chomwecho, polipira mapaundi 2,000.

Panganolo litatsala pang'ono kutha, woimira kampaniyo analemba kalata youza a Graham kuti achoke. Iwo anapempha pangano latsopano, koma m'mwezi wa Januwale 1984 kampaniyo inakana. Inali italangizidwa kuti pempho lake lomanga nyumba lidzayenda bwino ngati malowo alibe munthu wina wokhala ndi pangano. M'mwezi wa Juni chaka chomwecho inangovomera kuwagulitsa udzu umene unali m'mindamo pa mtengo wa mapaundi 1,100, ndipo udzuwo unatha kumwetedwa pofika pa 31 Ogasiti 1984. Chimenechi ndicho chilolezo chomaliza chimene kampaniyo inapereka.

A Graham anapemphanso m'mwezi wa Disembala 1984, napemphanso m'mwezi wa Meyi 1985. Yankho silinabwere. Sanauzidwe kuti achoke, sanauzidwenso kuti alipire. Tsono iwo anangopitiriza ulimi wawo. Ankadyetsa ng'ombe, kuthira manyowa ndi feteleza, kusadza mpanda wa mitengo wozungulira mindayo, ndi kuisamala pamodzi ndi famu yawo ngati munda umodzi. Chipata cholowera kuchokera ku msewu chinali chokhoma ndi loko, ndipo kiyi anali ndi a Graham. Kampaniyo inalibe kiyi wa minda yake yomwe. Zimene inkachita zinali za pa pepala mu ofesi, ndipo munthu wake akabwera kudzaona malowo ankangosuzumira ali kunja kwa mpanda.

M'chaka cha 1997 mwana wa a Graham, amene ankayendetsa ulimiwo, anakalembetsa chenjezo ku ofesi ya kaundula, kunena kuti mindayo tsopano ndi yake chifukwa cha kukhalitsapo. Kampaniyo inadzidzimuka, ndipo pa 30 Epulo 1998 inakasuma. Apa chimene chinatsala chinali masamu. Kuchotsa zaka 12 pa tsiku limenelo kukutifikitsa pa 30 Epulo 1986. Ngati a Graham anali atagwira kale malowo popanda chilolezo tsikulo lisanafike, ndiye kuti kampaniyo inachedwa.

Mabwalo atatu, maganizo awiri

Bwalo loyamba linagamula m'chaka cha 2000. Jaji Neuberger anapeza kuti nthawi inayamba kuyenda udzu uja utangotha kumwetedwa m'chaka cha 1984, kotero kuti zaka 12 zinakwanira m'chaka cha 1996. Anapatsa a Graham malowo, koma sanabise kuti chigamulocho sichinamukondweretse, popeza sankaona chilungamo m'kulanda mwini malo popanda kumulipira kanthu.

Bwalo la apilo linatembenuza chigamulocho m'chaka cha 2001. Linagwira pa umboni wa mbali ya a Graham yomwe, wakuti iwo ankayembekeza kuti tsiku lina adzapatsidwa pangano latsopano, ndi kuti kampaniyo ikanawauza kuti alipire akanalipira. Oweruza a apilo anati munthu wa mtima wotere sanafune kulanda malo, koma ankangopitiriza kudyetsa ziweto monga ankachitira m'masiku a pangano.

Ambiri a ife tikanagwirizana ndi bwalo la apilo, pakuti n'zimene nzeru ya munthu wamba imanena. Koma pa 4 Julayi 2002 Nyumba ya Malodi, imene panthawiyo inali bwalo lomaliza la dzikolo, inabwezera malowo kwa a Graham. Lodi Browne-Wilkinson, amene analemba chigamulo chachikulu, anafotokoza kuti lamulo silifunsa ngati wolowererayo ankadziyesa mwini, kapena ngati ankafuna kukhala mwini. Limangofunsa ngati ankafuna kugwira malowo m'manja mwake pa nthawi imeneyo. Munthu angathe kudziwa bwino lomwe kuti munda si wake, angathe kukhala wokonzeka kulipira lendi atafunsidwa, komabe n'kukhala kuti ndiye wagwira mundawo. Woweruzayo anakananso ganizo lakale lakuti mwini amene akusungira malo ntchito ya m'tsogolo sangalandidwe kufikira wolowererayo atachita chinthu chosokoneza ntchitoyo. Zolinga za mwini zimene zili m'mutu mwake kapena m'faelo yake siziimitsa nthawi.

Chotero kampaniyo inataya malo amene iyo inkati mtengo wake unali woposa mapaundi 10 miliyoni, ngakhale boma la Britain pambuyo pake linati mtengowo unali wochepera pamenepo. Lodi Bingham ananena kuti a Graham sanachite chinyengo chilichonse, popeza anapempha poyera ndipo sanayankhidwe, koma anavomereza kuti n'kovuta kuona chilungamo pamene malo olembedwa m'kaundula achoka kwa mwini popanda malipiro.

Kampaniyo inapita nayo nkhaniyi ku bwalo la ufulu wa anthu la maiko a ku Ulaya, mu mzinda wa Strasbourg, kukadandaula kuti lamulo la Britain linailanda chuma chake. M'chaka cha 2005 oweruza anayi mwa asanu ndi awiri anagwirizana nayo. Koma pa 30 Ogasiti 2007 bwalo lalikulu la kumeneko linasintha chigamulocho, oweruza 10 kutsutsana ndi 7. Ambiriwo anati zaka 12 ndi nthawi yaitali, lamulolo linali lodziwika kwa aliyense, ndipo chimene kampaniyo inafunika kuchita kuti idziteteze chinali chochepa kwambiri. Ikanangofunsa lendi, kapena kukasuma nthawi ikadalipo, malowo akanakhala ake mpaka lero.

Mnyamata ndi ng'ombe yake

Pasakhale woganiza kuti aliyense amene waponda pa malo a mnzake kwa zaka 12 amapambana. Mlandu wina wa ku Mangalande komweko, wa Powell ndi McFarlane, umene unagamulidwa m'chaka cha 1977, ukuonetsa mbali inayo, ndipo udzawafika pamtima awerengi athu. Mwini malo anali munthu wogwira ntchito m'boma, amene anatumizidwa kukagwira ntchito ku Jeremani m'chaka cha 1955, nasiya kamunda kake kopanda wokayang'anira. Chaka chotsatira mnyamata wa zaka 14 wa pafupi pomwepo anayamba kudyetsapo ng'ombe ya kwawo, kumweta udzu ndi kukonza mpanda pamene wathyoka. Atakula anapita ku bwalo kukanena kuti kamundako n'kake.

Jaji Slade anamukanira. Anati pamene munthu walowa pa malo popanda chilolezo chiyambire, zochita zake ziyenera kulankhula zokha momveka, kotero kuti mwini atabwera angazindikire msanga kuti pano pali wina amene akunditsekera kunja. Zochita za mnyamatayo m'zaka zoyambazo zikanatha kumasuliridwa pawiri. Mwina ankafuna kutenga malo, mwinanso ankangopezerapo msipu waulere pamene mwini palibe. Pamene pali chikaiko chotere, lamulo limaima ndi mwini wa m'buku.

Kusiyana kwa milandu iwiriyi kuli pa loko ndi kiyi. A Graham anatseka chipata, ndipo palibe amene akanalowa popanda iwo. Mnyamata uja ankatola zimene malo ankabala, koma sanaonetse mokwanira kuti watseka dziko lonse kunja. Kudula nkhuni, kutchera mbewa, kudutsa ndi njira, kapena kumangirira mbuzi mwa apo ndi apo sikugwira malo. Mpanda, nyumba, ndi ulimi wa chaka ndi chaka pa malo onsewo ndiwo umboni umene oweruza amaulemekeza.

Mmene Angerezi anakonzera lamulo lawo

Pamene mlandu wa Pye unali m'mabwalo, nyumba ya malamulo inali ikukonza kale lamulo latsopano la kaundula wa malo. Linavomerezedwa m'chaka cha 2002, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 13 Okutobala 2003. Pa malo osalembedwa m'kaundula zaka 12 zija zikadalipo. Koma pa malo olembedwa, kungopita kwa nthawi sikuphanso umwini wa munthu.

Tsopano wolowerera akakwanitsa zaka 10 ayenera kupempha kwa mkulu wa kaundula kuti dzina lake lilembedwe. Mkuluyo amatumiza chidziwitso kwa mwini, ndipo mwiniyo amapatsidwa masiku 65 a ntchito kuti ayankhe. Akakhala chete, malo amapita. Akatsutsa m'njira yoyenera, pempholo limakanidwa, pokhapokha ngati wopemphayo ali m'gulu limodzi mwa magulu atatu: amene mwini anamulimbitsa mtima kuti malowo ndi ake kotero kuti kumuchotsa kungakhale nkhanza, amene ali ndi chifukwa china chomuyenereza malowo monga kuti anagula n'kulipira koma dzina silinasinthidwe, ndi woyandikana naye amene analakwitsa malire mosadziwa. Pempho likakanidwa, mwini amakhala ndi zaka ziwiri zoti achitepo kanthu. Akagonanso zaka ziwirizo, wolowererayo angapemphe kachiwiri, ndipo apo amalembedwa.

Mlandu wa ku Consett umene tayamba nawo unali wa gulu lachitatulo. Lamulo limati woyandikana nayeyo akhale atakhulupirira, pa zifukwa zomveka, kwa zaka zosachepera 10, kuti malowo ndi ake. Banja lija linakhulupirira chomwecho kuyambira 2004 mpaka cha kumayambiriro kwa 2018, pamene linazindikira za malire enieni, koma pempho lake linaperekedwa m'mwezi wa Disembala 2019. Mwini wa m'buku anati zaka 10 za chikhulupirirozo ziyenera kufika pa tsiku lenileni la pempho. Bwalo linati iyayi, zaka 10 zilizonse za m'nthawi ya kukhalako n'zokwanira, pakuti palibe munthu amene angazindikire cholakwa lero n'kupereka pempho lokonzeka bwino lero lomwe.

Phunziro la kusinthaku n'lakuti mwini wa ku Mangalande tsopano amachenjezedwa asanataye malo. Komabe chenjezolo limapita ku keyala imene ili m'kaundula. Munthu amene anasamuka osakasintha keyala yake angataye malo kalata ili pakhomo la nyumba imene anachokamo kale.

Nanga kuno kwathu?

Malamulo a ku Mangalande analowa m'dziko lino ndi chilamulo cha 1902, ndipo mpaka lero oweruza athu amawerenga zigamulo za kumeneko kuti ziwaunikire, ngakhale kuti siziwamanga. Lamulo lathu loika malire a nthawi yosumira milandu limati munthu sangasume kuti alandirenso malo patapita zaka 12 kuchokera pamene chifukwa chosumira chinabadwa. Lamulo la malo olembedwa m'kaundula la 1967 nalonso limalola munthu kupeza umwini ngati wagwira malo mwamtendere, poyera, mosadukiza ndiponso popanda chilolezo kwa zaka 12. Mawu anayi amenewa ali ndi ntchito yake lililonse. Wolowa ndi zikwanje sanagwire mwamtendere. Wolima usiku mobisa sanagwire poyera. Wochoka zaka ziwiri n'kubwereranso wadukiza. Wosiyiridwa malo kuti aziyang'anira ali ndi chilolezo.

Anzathu a ku Zambia anasankha njira ina. Lamulo lawo la kaundula limati malo akangopatsidwa chikalata cha umwini, palibe angawatenge chifukwa cha kukhalitsapo. Ku South Africa ndi ku Zimbabwe, kumene malamulo anachokera ku mizu ya Chiroma ndi Chidatchi, nthawi yake ndi zaka 30. Abale athu amene ali ndi malo m'maiko amenewa asayese kuti chiwerengero n'chimodzi ponseponse.

Pali malire awiri amene tiyenera kuwanena momveka. Oyamba ndi akuti malo a Boma satengedwa mwa njira imeneyi. Amene walima m'nkhalango yotetezedwa, kapena wamanga m'mphepete mwa msewu mosungidwira chitukuko, asadzinamize kuti zaka zikumugwirira ntchito. Malo otere ndi a mtundu wonse, ndipo Boma lili ndi mphamvu yomuchotsa ngakhale atabzalapo mango n'kudya zipatso zake. Achiwiri ndi akuti minda ya makolo ya kumudzi ili ndi lamulo lakelake la 2016, lokhala ndi makomiti a malo ndi mabwalo ake, ndipo nkhani yathu ya lero ndi ya malo a mapepala.

Aphunzitsi aakulu aonepo kanthu apa. Bwalo la sukulu ya Boma ndi malo a Boma. Koma sukulu zambiri za m'dziko lino zili pa malo a mishoni, amene mpingo uli nawo ndi chikalata chake monga mwini wina aliyense. Pamene anthu a m'mudzi akankha mizere ya chimanga chaka ndi chaka kulowa m'malo otere, ndipo komiti ya sukulu ikungoyang'ana poopa kudana ndi makolo a ana, nthawi ingathe kukhala ikuyenda motsutsana ndi mpingowo.

Tiyerekeze ndi mphunzitsi

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze mphunzitsi amene anagula puloti yolembedwa m'kaundula m'chaka cha 2010, ndipo chaka chotsatira anatumizidwa ku boma lakutali. Theka la pulotiyo anasiyira msuweni wake kuti azilimapo ndiwo zamasamba. Theka linalo linangokhala thengo. M'mwezi wa Juni 2012 woyandikana naye anamanga mpanda wa njerwa umene unameza mamita asanu a thengolo, nabzalamo nthochi ndi kumangamo khola la nkhuku.

Mphunzitsiyo akabwera lero, msuweni uja alibe chonena pa umwini, ngakhale walimapo nthawi yaitali kuposa womanga mpandayo, popeza analowa ndi chilolezo. Vuto lingabuke pokhapokha ngati palibe umboni wa chilolezocho, msuweniyo n'kukana kuti sanapatsidwe ndi munthu. N'chifukwa chake kapepala kosainidwa ndi onse awiri, kokhala ndi tsiku ndi mboni, kali ndi mtengo woposa mpanda. Ambiri a ife timachita manyazi kulembetsa mbale wathu, koma manyazi amenewo ndiwo amadzadyetsa maloya.

Za woyandikana naye uja ndi zina. Iye analowa popanda chilolezo, poyera, ndipo anatseka ndi njerwa. Zaka zake 12 zinakwanira m'mwezi wa Juni 2024. Tinene kuti mphunzitsiyo anabwera pa tchuthi m'chaka cha 2018, naona mpandawo, nakalipa, nabwerera ku ntchito n'kulemba kalata yaukali. Mabwalo a ku Mangalande anagamula kale, m'chaka cha 1988, kuti kalata yongouza munthu kuti achoke siimitsa nthawi ngati munthuyo sanachoke. Kalatayo ingathe ngakhale kumupweteka woilemba, pakuti ikuchitira umboni kuti ankadziwa ndipo sanalole.

Zimene zimadula nthawi ndi izi. Choyamba ndi kukasuma ku bwalo zaka zisanakwane. Chachiwiri ndi kulandiranso malowo m'manja mwamtendere, kotero kuti wolowererayo salinso wogwira. Chachitatu ndi kumuchititsa wolowererayo kuvomera kuti malowo ndi a mwini, ndipo chivomerezocho chikhale cholembedwa ndi chosainidwa, pakuti ndicho chimene lamulo la ku Mangalande limafuna ndipo ndicho chimene bwalo lililonse lingachione ndi maso. Woyandikana nayeyo akanalemba m'chaka cha 2018 kuti akupempha kugula kachigawoko kapena kulipira lendi, kuwerenga kukanayambiranso pa tsiku limenelo. Onani kuti a Graham anapempha komaliza m'chaka cha 1985. Akanapitiriza kulemba makalata opempha chaka ndi chaka, mlandu wawo ukanavuta kwambiri.

Tikumbukirenso kuti imfa kapena kugulitsa sikubweza nthawi m'mbuyo. Mphunzitsiyo akanamwalira m'chaka cha 2020, ana ake akanalandira puloti pamodzi ndi zaka zisanu ndi zitatu zimene zinali zitapita kale. Wogula puloti kwa iye akanagulanso zaka zomwezo. Chotero wogula malo asakhutire ndi chikalata chokha. Apite ndi wopima malo akaone mabikoni, ndipo afunse kuti mpanda uliwonse unamangidwa liti ndipo ndi yani.

Kodi ndi chilungamo?

Funso limene linagawa oweruza a ku Strasbourg 10 kwa 7 silingathe pa tsamba limodzi la nyuzipepala. Pa malo osalembedwa, pamene umwini umadziwika ndi kukhalapo ndi kukumbukira kwa anthu, lamulo la zaka 12 limathetsa mikangano imene ikanakhala yosatha. Pa malo olembedwa, pamene aliyense angatsegule buku n'kuona dzina la mwini, chifukwa chimenecho chimachepa mphamvu, ndipo ichi ndicho chinachititsa Angerezi kuika chenjezo patsogolo pa kulanda. Pamene ntchito yolemba malo m'kaundula ikukula m'dziko lathu, opanga malamulo adzachita bwino kuyang'ana njira imeneyo, kuti munthu amene Boma lomwe linamutumiza kutali kukatumikira mtundu asataye puloti yake popanda kalata yomudziwitsa.

Koma kufikira tsikulo, lamulo liyenera kutengedwa monga lilili. Kampani ya Pye inali ndi maloya, opima malo ndi chikalata chosakaikitsa, ndipo inagonja kwa mlimi amene anali ndi kiyi wa chipata. Amene ali ndi puloti kutali apiteko kamodzi pa chaka, alowe mkati ndithu, ayende m'malire monse, ndipo aliyense amene wamupeza pamenepo amulembetse kapena amusumire. Tchuthi cha sukulu chikubwerachi chingakwanire ntchito imeneyi.